Ndigule chitini cha mapuloteni, kapena usipa ndi mazira zikwanira?

Funso

Zikomo akatswiri. Ndine mnyamata wa zaka 22, ndimaphunzira pa Chanco ndipo ndimakhala ku Chikanda. Ndimalemera makilogalamu 65. Ndakhala ndikunyamula zitsulo katatu pa sabata kwa miyezi isanu koma thupi silikusintha kwenikweni. Mnzanga wa ku jimu akugulitsa chitini cha weyi cha magalamu 900 chochokera ku Joni pa K120,000, ndipo akuti popanda ufa umenewu ndikungotaya nthawi. M'mawa ndimamwa tiyi ndi buledi, masana nsima ya nyemba, madzulo nsima ya usipa kapena soya pisesi. Ndigule? Wabwino ndi uti, ndipo ndizimwa wochuluka bwanji?

Yankho

Achimwene, musagule kaye. Ndalamayo ikhale m'thumba mpaka tiwerengere limodzi zimene mukudya kale, chifukwa ufa wa m'chitiniwo si mankhwala okulitsa minofu. Ndi chakudya basi. Weyi amachokera ku madzi amene amatsala mkaka ukaundana popanga tchizi. Madziwo amawasefa, kuchotsamo mafuta ndi shuga wambiri, kenako n'kuwaumitsa kukhala ufa. Mapuloteni ake ndi abwino kwambiri, pamenepo sinditsutsa, koma akafika m'matumbo amaphwanyidwa kukhala tizigawo totchedwa ma amino asidi, monganso amachitira mapuloteni a dzira kapena a chambo. Magazi akamatenga tizigawoti kupita nato ku minofu, palibe chosiyanitsa kuti aka kachokera ku Joni, aka kachokera ku Kachulu. Ndiye chofunika kudziwa n'chakuti mukuperewera magalamu angati pa tsiku, ndipo njira yotchipa yowapezera ndi iti.

Tiyambe ndi mlingo. Bungwe la WHO, mu lipoti lake la 2007, linati munthu wamkulu wathanzi amafunika magalamu 0.83 a mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa tsiku. Kwa inu amenewo ndi magalamu 54. Umenewu ndi mlingo woti thupi lisamawonde minofu, si mlingo womangira minofu yatsopano. Kwa onyamula zitsulo, kafukufuku amene ine ndimadalira ndi wa mu 2018 wa Robert Morton ndi anzake a pa yunivesite ya McMaster ku Canada. Iwo anasonkhanitsa zotsatira za mayeso 49, momwe munali anthu 1,863, ndipo anapeza kuti kuwonjezera mapuloteni kumathandiza minofu kukula mpaka munthu atafika pa magalamu pafupifupi 1.6 pa kilogalamu pa tsiku. Kupitirira pamenepo phindu silinaonekenso. Ena amakweza mpaka 2.2 pofuna kusiya mpata woti mwina matupi ena amafuna ochulukirapo, koma inu amene mwangoyamba kumene mulibe chifukwa chothamangira kumeneko. Chulukitsani 65 ndi 1.6, mupeza magalamu 104. Nambala yanu ndi imeneyo, ndipo mukamafika pakati pa 95 ndi 110 masiku ambiri, nkhani ya mapuloteni yatha.

Mu kafukufuku yemweyo muli china chimene ogulitsa sakonda kutchula. Anthu amene ankawonjezera mapuloteni anaposa anzawo ndi magalamu pafupifupi 300 okha a thupi lopanda mafuta, patatha masabata ambiri akuchita masewera ofanana. Mbali yaikulu ya minofu imene magulu onse awiri anapeza inabwera chifukwa cha zitsulo. Zili ngati feteleza m'munda wa chimanga: munda woguga umasintha kwambiri ukalandira thumba loyamba, koma kuthira matumba atatu pamalo ofunika limodzi sikukupatsani ngolo zitatu. Choncho mawu a mnzanuyo akuti popanda ufa mukutaya nthawi ndi mawu a munthu amene ali ndi chitini choti agulitse.

Tsopano tiwerenge mbale zanu. Manambala amene nditchule ndi ongoyandikira, chifukwa chipande cha munthu wina sichifanana ndi cha mnzake, koma ndi okwanira kutisonyeza pamene pali vuto.

M'mawa, tiyi wopanda mkaka alibe mapuloteni. Masilayisi anayi a buledi akupatsani magalamu pafupifupi 10. Masana, anthu ambiri amaiwala kuti nsima nayonso ili ndi mapuloteni: ufa wa chimanga uli ndi magalamu 7 mpaka 9 pa magalamu 100 alionse, mgaiwa ukuposa ufa woyera pang'ono. Mnyamata wodya mitanda itatu amakhala atadya ufa wokwana magalamu pafupifupi 150, ndiye tiikepo 12. Kapu yodzaza ya nyemba zophika, ndikutanthauza nyemba zenizeni osati msuzi, ili ndi magalamu 14 kapena 15. Madzulo nsima ija ikupatsaninso 12. Usipa wouma ndi wodabwitsa: kuposa theka la kulemera kwake ndi mapuloteni, moti dzanja limodzi lodzaza bwino, magalamu 30, lili ndi magalamu pafupifupi 17. Tikaphatikiza 10, 12, 14, 12 ndi 17 tikupeza 65. Mukudya galamu imodzi pa kilogalamu iliyonse ya thupi lanu. Simukudwala njala ya mapuloteni, mwadutsa mlingo wa WHO, koma pa cholinga chanu mukuperewera magalamu pafupifupi 40.

Ndikuchenjezeni pa nyemba zija. Ngati masana mumadya pa malo ogulitsira zakudya pomwe ndiwo ndi kachipande kamodzi ka msuzi ndi nyemba zoti mutha kuziwerenga ndi maso, chotsanipo theka pa 14 uja. Chimodzimodzi usipa wa madzulo ngati mumagawana anthu atatu mulu umodzi. Anyamata ambiri amene amati amadya bwino amakhuta nsima, ndiwo n'kukhala zongodutsitsira.

Onaninso pamene dzenjelo lili. Masana ndi madzulo muli pa magalamu 26 mpaka 29 pa chakudya chilichonse, zomwe zili bwino, chifukwa minofu imalandira bwino mapuloteni akamabwera magalamu 20 mpaka 40 pa nthawi imodzi, katatu kapena kanayi pa tsiku. Koma kuchokera pa nsima ya madzulo mpaka pa nsima ya masana a mawa lake pamadutsa maola 16 kapena kuposa, ndipo pa maola onsewo thupi lalandira buledi yekha. Vuto lanu lili pa kadzutsa ndi pa nthawi ya pakati pa masana ndi madzulo.

Dzenje la magalamu 40 limatsekeka motere. Mazira awiri owiritsa pa tiyi wa m'mawa ndi magalamu 12, chifukwa dzira limodzi lili ndi 6. Paketi ya chambiko ya theka la lita, kapena mkaka wamba wa mlingo womwewo, mukamachokera ku jimu, ndi magalamu pafupifupi 16. Mtedza wokazinga wodzaza dzanja, magalamu 40, woti muzitafuna popita m'kalasi, ndi magalamu 10. Zonse pamodzi ndi 38, ndipo mwafika pa 103 osasintha chilichonse pa nsima yanu. Tsiku limene mulibe ndalama ya chambiko, soya pisesi ndiye wokupulumutsani: wouma amakhala ndi mapuloteni pafupifupi theka la kulemera kwake, ngakhale mapaketi amasiyana ndipo ndi bwino kuwerenga kumbuyo kwake. Magalamu 50 ouma akupatsani mapuloteni ofanana ndi sikupu imodzi ya weyi, kachikho koyezera kamene kamabwera m'chitini kaja. Matemba a ku Chilwa akapezeka mu msika wa Zomba kapena ku Chinamwali, awerengeni ngati usipa. Nandolo ndi khobwe ziwerengeni ngati nyemba. Nkhuku yophika ili ndi magalamu 27 mpaka 30 pa magalamu 100 a mnofu, koma sindinaiike m'ndondomekoyi dala, chifukwa thumba la mwana wa sukulu ndikulidziwa.

Tibwere ku ndalama. Sikupu imodzi nthawi zambiri imatenga magalamu 30 a ufa, ndipo weyi wabwino amapereka magalamu pafupifupi 24 a mapuloteni pa sikupu. Chitini cha magalamu 900 chili ndi masikupu 30. Gawani K120,000 ndi 30, sikupu iliyonse ikukudyerani K4,000. Mazira anayi amapereka magalamu 24 omwewo. Ndiye kuti chitinicho chingafanane mtengo ndi mazira pokhapokha dzira limodzi litafika pa K1,000. Pitani pa okala yapafupi mufunse mtengo wa dzira lero, muchulukitse ndi 4, muyerekeze. Chitaninso chimodzimodzi ndi magalamu 50 a soya pisesi komanso magalamu 40 a usipa. Kuti dzenje lanu lonse litsekedwe ndi ufa pangafunike masikupu pafupifupi awiri pa tsiku, kutanthauza kuti chitinicho chingathe pasanathe masabata atatu, kenako mubwererenso kwa mnzanuyo. Ndipo sikupuyo sikupatsani kashiamu amene ali m'minga ya usipa, ayironi ndi zinki wa m'nsomba ndi nyemba, kapena vitamini A wa mu yolika ya dzira.

Wina ku jimu akuuzani kuti mapuloteni a nyemba ndi nsima sawerengedwa. Muli kachoonadi pang'ono m'mawu amenewo. Chimanga chili ndi layisini wochepa, mmodzi mwa ma amino asidi amene thupi silingapange lokha, ndipo munthu wodalira nsima yokha amaperewera. Koma nyemba, nandolo ndi soya zili ndi layisini wambiri, pamene chimanga chimabweretsa methiyonini amene nyemba zimachepa naye. Nsima ya nyemba imakwaniritsana yokha. N'chifukwa chakenso Likuni Phala amasakaniza chimanga ndi soya. Mukawonjezerapo nsomba, dzira ndi mkaka monga tawerengera muja, mtundu wa mapuloteni anu suli wodetsa nkhawa.

Mphekesera ina ndi yakuti soya amachepetsa mphamvu zachimuna kapena kumeretsa mabere. Akatswiri anasonkhanitsa mayeso a zimenezi mu 2010 ndiponso mu 2021, ndipo sanapeze kuti soya amatsitsa tesitositeroni, homoni yachimuna, mwa amuna. Choopsa chenicheni pa soya n'china: ngati mukufuna kugayitsa soya wanu kuti muzithira m'phala, mukazingeni kapena mumuwiritse bwino kaye. Soya wosapsa ali ndi zinthu zimene zimatsekereza kagayidwe ka mapuloteni m'matumbo, ndipo m'malo mopindula mumangotupa m'mimba. Chimodzimodzi mazira. Chizolowezi chomwa mazira aawisi chilekeni. Kafukufuku wa ku Belgium wa mu 1998 anapeza kuti thupi limagaya pafupifupi theka lokha la mapuloteni a dzira laliwisi, pamene a dzira lophika limagaya oposa 90 pa 100 alionse, ndipo dzira laliwisi likhoza kukupatsani tizilombo totsegula m'mimba. Pa mtedza, sankhani wouma bwino, ndipo wofota, wowawa kapena wachuku muutaye, chifukwa chuku cha mtedza chimatulutsa poizoni wowononga chiwindi amene satha ndi kukazinga.

Komabe ndikukayikira kuti mapuloteni ndiwo okha akukugwirani mwendo. Munthu wa makilogalamu 65 amene wanyamula zitsulo miyezi isanu sikelo osasuntha nthawi zambiri amakhala kuti chakudya chonse chikuchepa. Mumayenda wapansi kuchokera ku Chikanda kupita m'kalasi, mwina kukafikanso m'tauni, kuwonjezera apo jimu, koma kadzutsa ndi tiyi. Mphamvu zikamachepa, thupi limatenga mapuloteni omwe mwadyawo n'kuwawotcha ngati nkhuni za tsikulo m'malo momangira minofu, ndipo sikupu ya weyi, imene ili ndi makalori pafupifupi 120 okha, singakonze zimenezo. Mazira, chambiko ndi mtedza tatchula zija zikubweretserani makalori oposa 600, ndiye zikukonza mavuto awiri nthawi imodzi. Muonenso zitsulo zomwezo. Ngati kulemera kumene mumanyamula lero n'komwe munkanyamula miyezi itatu yapitayo, minofu ilibe chifukwa chokulira. Lembani m'kabuku zimene mwanyamula tsiku lililonse, ndipo sabata ndi sabata muziwonjezera kaya kulemera pang'ono, kaya maulendo onyamula. Tulo nato: kuwerenga mpaka tambala woyamba nthawi ya mayeso kumaoneka pa thupi.

Njira yodziwira ngati zikuyenda ndi sikelo imodzi yomweyo, m'mawa musanadye, kamodzi pa sabata, kwa masabata asanu ndi atatu. Mukamakwera ndi theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pa mwezi, uku zitsulo zikukwera ndipo lamba sakuthina msanga, muli pa njira. Sikelo ikaima, wonjezerani chakudya, monga mbatata, nthochi kapena mtanda wina wa nsima. Ikamatsika pamene mukudya bwino, makamaka ngati pali kutsokomola, kutuluka thukuta usiku, ludzu losatha kapena kutsegula m'mimba kosalekeza, imeneyo si nkhani ya jimu, pitani kuchipatala mukayezetse.

Sikuti ufa wa mapuloteni ulibe ntchito. Alipo munthu wa makilogalamu 90 amene akufunika magalamu 140 kapena kuposa uku akuchepetsa chakudya kuti mafuta atsike. Kwa iyeyo mtedza ndi nyemba zimabwera ndi makalori ambiri, pamene sikupu imampatsa magalamu 24 pa makalori ochepa. Alipo amene chilakolako cha chakudya n'chochepa, woti dzira lachiwiri limamukanika kummero koma kumwa amatha. Alipo a ntchito zoyendayenda, kapena okhala m'chipinda chopanda pophikira, magetsi akazima basi tsiku lapita. Okalamba ndi amene akuchira matenda nawonso nthawi zina amathandizika, koma amenewo aziyamba aonana ndi achipatala. Pa anthu onsewa chimene akugula ndi kufewa kwa ntchito, chifukwa ufa suola msanga, sufuna makala, ndipo umalowa m'chikwama. Ngati tsiku lina mudzakhala m'gulu limeneli ndipo ndalama ilipo, kasankhidwe kake ndi aka.

Musayambe ndi chithunzi cha munthu wa akatumba chimene chili kutsogolo. Tembenuzani chitini muone tebulo la kumbuyo, mupeze manambala awiri: kulemera kwa sikupu imodzi, ndi magalamu a mapuloteni amene ali mu sikupuyo. Gawani yachiwiri ndi yoyamba. Sikupu ya magalamu 30 yokhala ndi mapuloteni 24 ikupatsani 0.8, kutanthauza kuti magawo 80 pa 100 a ufawo ndi mapuloteni. Zili bwino. Sikupu ya magalamu 45 yokhala ndi mapuloteni 20 ikupatsani 0.44, ndipo pamenepo ndalama yanu yambiri ikugula shuga ndi zodzazira. Ine chilichonse chotsika pa 0.7 ndimachisiya pa shelefu. Opanga ena amakulitsa sikupu dala kuti nambala ya mapuloteni ioneke yaikulu kutsogolo kwa chitini, n'chifukwa chake kugawaku n'kofunika.

Kuwerengaku kudzakuthandizani kuzindikira msampha umene anyamata owonda ngati inu amagweramo kwambiri, wa matumba akuluakulu otchedwa masi gena. Amaoneka otchipa pa kilogalamu, koma mbali yaikulu ndi malitodekisitirini, ufa wopangidwa kuchokera ku sitachi, kawirikawiri wa chimanga, ndipo mapuloteni amakhala magawo 15 mpaka 30 okha pa 100. Kugula sitachi wa chimanga wodutsa pa Mwanza kapena pa Dedza, uli m'dziko la nsima, n'kuseweretsa ndalama. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro ndi masupuni angapo a mkaka wa ufa likuchitirani ntchito yomweyo.

Pa mitundu ya weyi, iwiri ndiyo mudzakumana nayo kwambiri. Konsentireti amakhala ndi mapuloteni magawo 70 mpaka 80 pa 100, ndipo mumatsala mafuta pang'ono ndi lakitosi, shuga wa mu mkaka. Aisoleti amasefedwa kwambiri, amafika pafupifupi magawo 90, lakitosi n'kutsala wochepa zedi, koma mtengo umakwera. Pa kukula kwa minofu kusiyana kwake simungakuone. Chosankhira ndi mimba yanu. Akuluakulu ambiri kuno kwathu sagaya bwino lakitosi. Ngati kapu ya mkaka wosawawasa imakupangitsani kulira m'mimba, mpweya kapena kuthamangira kuchimbudzi patangopita ola limodzi kapena awiri, konsentireti akhoza kukuchitani zomwezo, ndiye tengani aisoleti kapena ufa wa mapuloteni a soya. Ngati mkaka sukuvutani, konsentireti wotchipa uja ndi wokwanira. Anthu ambiri amene mkaka umawavuta amamwa chambiko bwinobwino, chifukwa pakuwawasa gawo lina la lakitosi limakhala litadyedwa kale. Zina zodula zimene amazitamanda, monga haidirolaiseti kapena timabotolo ta ma amino asidi atatu okha, zilibe chowonjezera kwa munthu amene akukwanitsa mlingo wake wa tsiku. Kolajeni, ufa wa mapuloteni ochokera ku zikopa ndi mafupa a nyama, musamuwerengere n'komwe pa zomanga minofu, chifukwa akusowa amino asidi wina wofunika ndipo lusini, amino asidi woyambitsa ntchito yomanga minofu, alimo wochepa.

Pali chinyengo china chimene tebulo lija silingakuonetseni. Njira yofala yoyezera mapuloteni m'chakudya siyeza mapuloteni enieniwo. Imayeza nayitirojeni, kenako n'kuchulukitsa ndi nambala yodziwika, kawirikawiri 6.25. Ndiye chilichonse chokhala ndi nayitirojeni wambiri chimaoneka ngati mapuloteni. Umu ndi momwe ena ku China mu 2008 anathirira melamini mu mkaka wa ana, ana pafupifupi 300,000 n'kudwala, asanu ndi mmodzi n'kumwalira. Pa ufa wa ku jimu chinyengo chake sichikhala choopsa chotero, koma chimakuberani: amathiramo ma amino asidi otchipa monga gilayisini ndi tawurini, kapena kiriyetini, ufa wina umene a ku jimu amamwa, kuti nambala ikwere. Choncho werengani mndandanda wa zimene zathiridwamo. Zimalembedwa kuyambira chochuluka kwambiri, ndiye weyi ayenera kukhala woyamba. Mukaona gilayisini kapena tawurini pafupi ndi pamwamba, kayikirani. Ngati alemba kuchuluka kwa amino asidi aliyense, yang'anani lusini. Weyi weniweni amakhala ndi magalamu pafupifupi 2.5 a lusini pa magalamu 24 kapena 25 a mapuloteni. Akatsika kwambiri pa 2, china chake chalowa m'malo mwa weyi.

Nkhani ina ndi ya zinthu zosalembedwa n'komwe. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2004, wochitidwa ku Cologne m'dziko la Germany, anayeza zowonjezera 634 za anthu amasewera zogulidwa m'mayiko 13, ndipo pafupifupi 15 pa 100 zilizonse zinali ndi mahomoni amene sanalembedwe pa chitini. Si zonse zinali ufa wa mapuloteni, koma phunziro lake likukhudza msika wonse. Chitini cholonjeza kukwezera mphamvu zachimuna kapena kukupatsani makilogalamu asanu a minofu pa mwezi chisiyeni. Chitetezo chimene chilipo ndi chizindikiro cha oyeza oima paokha, monga Informed Sport kapena NSF Certified for Sport. Chizindikiro chokha chikhoza kusindikizidwa ndi aliyense, ndiye lowani pa tsamba lawo pa foni, mufufuze dzina la ufawo ndi nambala ya bachi, yosonyeza gulu la zitini zopangidwa nthawi imodzi, imene ili pa chitini, muone ngati zilipodi.

Chitini cha mnzanucho chifunseni mafunso omwewa, kuwonjezerapo ena atatu. Kodi chomata cha pansi pa chivindikiro chili chonse, chosabooledwa kapena kumatidwanso? Kodi tsiku lothera ntchito ndi nambala ya bachi zinadindidwa pa chitini penipenipo, kapena ndi kapepala komata pamwamba pa zina? Kodi angakuonetseni lisiti ya kumene anagula? Ufa wogulitsidwa m'timajumbo woyezedwa ndi sikupu kuchokera m'chitini chotsegula musagule, ngakhale utatchipa bwanji, chifukwa simungadziwe chimene chasakanizidwamo kapena kuti unatsegulidwa liti. Mayeso a pakhomo amene anthu amauzana, oti ukachita thovu ndi weniweni, ukamira ndi wabodza, sakuuzani kanthu za gilayisini kapena mahomoni.

Mukadzagula, kamwedwe kake n'kosavuta. Sikupu imodzi pa tsiku, kuika pamene pali dzenje, kwa inu m'mawa, ndipo otsalawo azichokera m'mbale. Yachiwiri ndi ya tsiku limene chakudya chasokonekera. Zoti muyenera kumwa pasanathe mphindi 30 mutatsitsa zitsulo musazitengere. Mpata wake ndi wa maola angapo, ndipo ngati mukudya nsima ya usipa ola limodzi kapena awiri mutachoka ku jimu, mwakwanitsa kale. Muzimwanso masiku opuma, chifukwa minofu imamangidwa mpaka tsiku lotsatira. Sungunulani m'madzi aukhondo ozizira kapena mu mkaka, kapena thirani m'phala litazizirako, chifukwa m'phala lowira weyi amaundana mabulumwa, ngakhale mapuloteni ake sawonongeka. Mukasakaniza imwani nthawi yomweyo, botolo mutsuke tsiku lomwelo. Nyengo ya mvula kuno ku Zomba chinyezi n'chambiri, ndiye chitini chizikhala chotseka zolimba, pamalo ouma, ndipo sikupu yonyowa isabwerere m'kati. Ufa ukayamba kununkha moipa kapena kuuma zibuma zolimba, wapita.

Za impso ndiyankhe ngakhale simunafunse, chifukwa kunyumba adzakufunsani. Kwa munthu wa impso zabwino, mlingo wa 1.6 mpaka 2 pa kilogalamu sunapezeke kuti umawononga impso. Kwa amene impso zake zayamba kale kufooka nkhani ndi ina, mapuloteni ochuluka amazilemetsa, ndipo matenda a impso poyamba sapweteka. Ngati muli ndi shuga, kuthamanga kwa magazi, munakodzapo magazi chifukwa cha likodzo, mumatupa mapazi kapena kumaso, kapena mukumwa mankhwala otalikitsa moyo, amene ena mwa iwo amafuna kuti impso ziziyang'aniridwa, yambani mwaonana ndi dokotala musanakweze mapuloteni, kaya a m'chitini kaya a m'mbale. Ku Zomba Central Hospital kapena kuchipatala chimene mumapita, pemphani kuyezedwa magazi a impso ndi mkodzo, ndipo muwauze zonse zimene mukumwa, makamaka ngati muli kiriyetini, chifukwa amatha kukweza nambala ya mayeso a impso ngakhale impsozo zili bwino. Usipa ndi matemba okhala ndi mchere wambiri muziwatsuka kapena kuwaviika pang'ono m'madzi ofunda musanaphike, ndipo tizokometsera ta m'paketi ya soya pisesi musamathire tonse ngati mukuthiranso mchere.